Malikisi Amene Ndinakana Kusintha pa Konkurusu ya Boma, ndi Zimene Zinatsatira

Ndagwira ntchito ya boma kwa zaka zambiri m'boma lina la kumtunda kwa chigawo cha Tete, kufupi ndi malire a dziko la Malawi, mu ofesi yosunga mafayilo a aphunzitsi. M'chaka cha 2018 ndinalandira kalata yondisankha kukhala mmodzi wa anthu atatu a m'juri, gulu loyesa ofuna ntchito, pa konkurusu yolemba akalaliki atatu a m'chigawo choona za ogwira ntchito. Ndinasangalala, chifukwa ndinaona ngati akuluakulu andikhulupirira. Ndikulemba izi makamaka kwa wantchito wa boma amene tsiku lina adzalandire kalata yonga imeneyo, komanso kwa achinyamata amene amaima pa bolodi la zidziwitso kufunafuna maina awo.

Nthawi imeneyo malo a ntchito anali osowa kwambiri. Ngongole zobisika zitaululika mu 2016, opereka thandizo anaimitsa ndalama zawo, ndipo boma linachepetsa kulemba anthu atsopano, kupatula makamaka aphunzitsi ndi azaumoyo. Choncho malo atatu a ukalaliki anakoka anthu oposa 200, ena ochokera ku Mowatize ndi mumzinda wa Tete womwe. Aliyense anabweretsa kalata yopempha yotsimikizidwa siginecha, kope ya chiphaso cha unzika cha BI, nambala ya msonkho ya NUIT, satifiketi ya sukulu, chikalata chosonyeza kuti alibe mlandu, ndi chikalata cha kuchipatala. Kwa mwana wa mlimi wa mbatatesi, kusonkhanitsa mapepala amenewa ndi ndalama ya thumba la fetereza, ndipo ambiri anali atakongola.

Lamulo palokha ndi lomveka. Malamulo aakulu a dziko la Mozambiki amanena kuti kulowa ntchito ya boma kutsate luso ndi kuyenera kwa munthu, popanda kuyang'ana mtundu, chipembedzo kapena chipani. Lamulo la ogwira ntchito m'boma, EGFAE, lomwe panthawiyo linali la nambala 10/2017, linkafuna kuti munthu alowe kudzera pa konkurusu: chidziwitso chimatidwe poyera, mndandanda wa ovomerezeka ndi okanidwa utuluke, anthu ayesedwe, kenako mndandanda womaliza utuluke motsata malikisi. Malikisi amachokera pa 0 kufika pa 20, ndipo wosafika 10 walephera. Pa konkurusu yathu panali mayeso olemba ndi mafunso apakamwa, ndipo malikisi omaliza ankapezeka pophatikiza awiriwo n'kugawa pakati.

Mayeso olemba anayenda bwino, ndipo ndikufuna kuti izi zimveke, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti chinyengo chimayambira pa kubedwa kwa mafunso. Kwathu sizinali choncho. Mapepala tinachonga atatu tonse patebulo limodzi, ndipo pepala lolembedwa limasiya umboni umene wina aliyense angadzaonenso. Khomo lolowera zokondera linali mafunso apakamwa, pomwe palibe chojambula mawu, palibe mboni yakunja, ndipo malikisi amadalira chimene woyesa wanena kuti wamva.

Anthu awiri ndi amene nkhaniyi ikuwakhudza. Woyamba anali mtsikana wochokera kumudzi wina wa kumapiri, amene anapeza 16 pa mayeso olemba. Pa mafunso apakamwa ndinamufunsa zimene angachite atalandira fayilo ya mphunzitsi yomwe dzina la pa BI likusiyana ndi la pa satifiketi. Anayankha modekha kuti sangaitumize patsogolo, koma angaitanitse mwini wake kuti akakonzetse kaye kumene cholakwikacho chinachokera, chifukwa fayilo yotere ikabwezedwa munthu amataya miyezi. Ndinamupatsa 16. Wachiwiri anali mnyamata waulemu ndi wovala bwino, amene anapeza 11 pa mayeso olemba. Funso lomwelo linamusowetsa chonena, ndipo sanathe kusiyanitsa kulembedwa ntchito mongoyembekezera ndi kulembedwa kokhazikika. Ndinamupatsa 9.

Madzulo ake titaphatikiza, ndinaona zodabwitsa. Anzanga awiri anali atapatsa mtsikana uja 10 aliyense, pamene mnyamata anamupatsa wina 20, wina 19. Malikisi apakamwa a mtsikana anakhala 12, ndipo pophatikiza ndi 16 wake anathera pa 14. A mnyamata anakhala 16, ndipo pophatikiza ndi 11 wake anathera pa 13 ndi theka. Awiri oyamba pa mndandanda anali patali, opitirira 15, ndipo panalibe wowatsutsa. Malo achitatu, omwe anali omaliza, anagwera mtsikanayo ndi theka la malikisi chabe. Chinyengo chinali chitakonzedwa kale, koma 9 wanga anachilepheretsa.

Wapampando wa juri anandiitanira pambali natseka chitseko. Sanakalipe ayi. Anati, "Achimwene, mnyamata uyu ali ndi padirinyu wake, munthu wamkulu womuikira kumbuyo, kuchigawo, ndipo dzina lake linabwera kale tisanamate n'komwe chidziwitso. Ingolembani 18 pa pepala lanulo, tonse tigone tulo. Inunso muli ndi ana, mawa mudzafuna wina akugwireni dzanja." Ndinawerengera mumtima ndipo ndinaona kuti 18 ameneyo akweza mnyamatayo kufika pa 15, n'kugwetsera mtsikanayo pa nambala 4. Ndinayankha kuti, "Bambo, ndikupempha mundikhululukire, ndinalemba zimene ndinamva, ndipo sindingathe kusintha." Manja anga ankanjenjemera, ndipo usiku umenewo sindinadye.

Sindinganame kuti mawu awo analibe mphamvu. Kwathu timati chibale ndi fupa sichiola, ndipo wantchito wa boma aliyense amadziwa malume amene amafika m'mawa ndi nkhuku ndi satifiketi ya mwana wawo. Munthu amene ali pamalo n'kulephera kulowetsa m'bale amanenedwa pamaliro ndi paukwati kuti ndi wouma mtima. Wapampandoyo nayenso sanali kudya ndalama pa nkhaniyi, monga ndinaonera ine. Ankangoteteza mpando wake, umene anaupeza mwa kusankhidwa ndi omwewo amene anatumiza dzinalo.

Apa ndi pamene ndikufuna kuti amene adzakhale m'juri amvetsetse. Kukana kwanga kunali kwapakamwa, ndipo pepala langa la malikisi ndinalipereka kwa wapampando popanda kusunga kope, litalembedwa ndi pensulo monga anatiuzira poyamba. Patangopita masiku ochepa ndinatumidwa kukayendera masukulu akutali, ndipo nditabwerako ndinapeza akita, lipoti la zimene juri yagwirizana, itasainidwa kale. M'malo mwanga anasaina membala wapadera amene amasankhidwa kuti alowe m'malo wina akasowa, munthu amene sanakhalepo pa mafunsowo. Pa mndandanda womaliza mnyamata anali pa nambala 3 ndi 15. M'mapepala onse a konkurusuyo munalibe mzere ngakhale umodzi wosonyeza kuti panali munthu amene anatsutsa.

Ndikanadziwa zimene ndikudziwa lero, ndikanalemba malikisi ndi bolopeni, kusaina pepala lililonse ndi tsiku lake, ndi kulijambula pa foni ndisanalipereke. Ndikanalembanso pansi funso lililonse ndi chidule cha yankho, chifukwa 9 wopanda chifukwa cholembedwa ndi wosavuta kumufufuta. Koposa zonse, ndikanapempha kuti kutsutsa kwanga kulowe mu akita momwemo, ndipo akanakana ndikanalemba kalata yopita kwa amene anasankha juri, n'kuipereka ku sekeretariya kuti kope yanga idindidwe chidindo cha tsiku lolandirira. M'boma chimene chilibe chidindo chimakhala ngati sichinachitike. Palinso lamulo la khalidwe loyenera la ogwira ntchito za boma, limene limaletsa munthu kugamula nkhani yomwe m'bale wake ali ndi phindu, kotero membala wa juri amene waona dzina la m'bale pa mndandanda ayenera kunena ndi kudzipatula mayeso asanayambe.

Mtsikana uja sanadandaule. Ndinamva pambuyo pake kuti anaona mndandanda, analira, n'kukwera njinga yamoto kubwerera kwawo. Sankadziwa kuti mndandanda ukatuluka pamakhala masiku owerengeka oti munthu alembe dandaulo, ndiponso kuti lamulo la nambala 34/2014 la ufulu wopeza uthenga limamupatsa poyambira kupempha kuona mapepala okhudza malikisi ake. Munthu amene wapeza 16 polemba n'kupatsidwa 10 pakamwa, pamene wa 11 wapatsidwa 19, ali ndi funso loyenera kufunsa, ndipo kusiyana kwakukulu kotereku ndi chizindikiro choyamba chimene wofufuza aliyense amayang'ana. Wosowa ndalama ya loya angapite ku IPAJ, kumene boma limathandiza osauka pa nkhani za malamulo, ndipo pamene papemphedwa ndalama nkhaniyo ndi ya GCCC, ofesi yolimbana ndi katangale. Ineyo ndinaopa kumufunafuna kuti ndimuuze zimenezi nthawi isanathe, ndipo nthawiyo inathadi.

Mnyamata anayamba ntchito, ndipo anaikidwa pa tebulo lokonza mafayilo a aphunzitsi atsopano. Kwa amene sadziwa, munthu akalembedwa ntchito m'boma fayilo yake imapita ku khoti loona za kayendetsedwe ka boma, Tribunal Administrativo, kuti ikapatsidwe visitu, chilolezo chotsimikiza kuti kulembedwako kwatsata lamulo ndipo ndalama yolipirira ilipo mu bajeti. Fayilo ikakhala yopereweza, khotilo limaibweza. Ntchito ya kalaliki ndi kuona pepala lililonse isanachoke: maina afanane pa mapepala onse, makope akhale otsimikizidwa, chikalata chosonyeza kuti ndalama ilipo chikhalemo, ndipo mapepala okhala ndi nthawi yothera akhale asanathe. Chikalata chosonyeza kuti munthu alibe mlandu chimagwira ntchito miyezi itatu yokha.

Pa miyezi itatu imeneyi ndi pamene panagona tsoka lathu. Mnyamatayo ankaunjika mafayilo mu kabati podikira kuti achuluke, osadziwa kuti masiku akuwerengeka. Pofika nthawi yowatumiza ku Tete, zikalata zambiri zinali zitatha mphamvu, ndipo mtokoma woyamba unabwerera pafupifupi theka. Aphunzitsi anauzidwa kuti akatengenso zikalata zatsopano ndi ndalama zawo. Atabweretsa, ena mafayilo awo anabwereranso kachiwiri chifukwa cha zolakwika zimene zinalipo kuyambira pachiyambi koma palibe anaziona, monga dzina lolembedwa ndi chilembo chimodzi chosiyana pa satifiketi. Vuto la maina ndi lofala kwathu kuno, chifukwa maina athu a Chichewa amalembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi mosiyanasiyana, ndipo kalaliki wodziwa ntchito amayamba kuyang'ana pomwepo. Linali funso lomwe lija limene mtsikana anayankha bwino.

Sindidzaiwala mphunzitsi wina wamkazi wa pasukulu ya kumalire, amene anali ataphunzitsa miyezi isanu ndi iwiri osalandira kanthu. Anafika m'mawa fumbi lili mbuu m'miyendo, mwana ali kumbuyo, mapepala ake atawakulunga m'jumbo ya shuga kuopa mvula. Anakhala pa benchi mpaka masana, ndipo atauzidwa kuti fayilo yake yabwereranso, sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo, ndikauze chiyani mwini golosale amene wakhala akundikongoza ufa?" Kenako anapempha ndalama yokwerera pobwerera, ndipo tinasonkherana. Aliyense mwa maulendo otere unkatanthauza kuti kalasi ya ana oposa 60 yakhala tsiku lonse, mwina awiri, popanda mphunzitsi. Malipiro ake anadzabwera onse pamodzi, koma gawo lalikulu linathera kubweza ngongole za katapila, ndipo masiku amene ana anataya palibe anawabweza.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi mmene ofesi yonse inasinthira. Tinali ndi mayi wina wachikulire amene ankadziwa mafayilo kuposa tonsefe, ndipo akuluakulu anayamba kumusenzetsa mwakachetechete ntchito ya mnyamatayo pamwamba pa yake. Poyamba ankatsala mpaka mdima, koma ataona kuti wolakwitsa sadzudzulidwa ndipo wokonza sathokozedwa, anayamba kutseka kabati nthawi yoweruka ikangokwana. Mkulu wa chigawo chathu sankatha kumulankhula mnyamatayo mwamphamvu, chifukwa aliyense ankadziwa kumene foni ingachokere. Munthu wolowa mwa konkurusu yoona amaopa mkulu wake ndi lamulo, koma wolowa mwa padirinyu amayang'ana kwa padirinyuyo, ndipo mkulu wa pa ofesi amangotsala ndi dzina. Achinyamata awiri amene analowa moyenera anaona zonsezi, ndipo mmodzi anayamba kufunsa poyera kuti kulimbikira kuli ndi phindu lanji.

Anthu ena amaona ukalaliki ngati ntchito yaing'ono yoti aliyense angaigwire, ndipo n'chifukwa chake malo amenewa ndi amene amaperekedwa kwa abale mosavuta. Koma pa tebulo limeneli ndi pamene pamasungidwa mndandanda wa amene ali pa ntchito, amene wamwalira ndi amene wathawa. Chaka chomwecho cha 2018 boma linalengeza kuti lapeza maina pafupifupi 30,000 a anthu olandira malipiro koma osagwira ntchito. Maina otere sakhala pa mndandanda popanda tebulo lina la ogwira ntchito pomwe wina sakudziwa ntchito yake, kapena ali ndi ngongole kwa amene anamuikapo.

Lamulo lili ndi khomo lachiwiri lotchingira zolakwika zotere. Munthu akalowa kumene amakhala zaka ziwiri mongoyembekezera, ndipo chaka chilichonse mkulu wake amamuyesa kagwiridwe ka ntchito. Amene walephera poyera sayenera kukhazikitsidwa. Koma dzanja limene linatsegula khomo loyamba linatsegulanso lachiwiri: mnyamatayo analembedwa kuti amagwira bwino zaka zonse ziwiri, ndipo anakhazikika. Mkulu amene akufuna kulemba zoona pa fomu imeneyi ayenera kusunga umboni chaka chonse, monga makalata obwezera mafayilo ndi machenjezo olembedwa, chifukwa kulemba kuti munthu walephera popanda pepala kumangomubweretsera yekha mlandu. Kwathu panalibe amene anasunga, ndipo makalata a kukhoti aja ankangoikidwa m'fayilo ya ofesi popanda dzina la amene analakwitsa.

Ine mtengo wanga ndinaulipira mosachedwa. Chaka chisanathe ndinasamutsidwa kupita ku ofesi yaing'ono yakutali, ndipo kalata inangoti ndi chifukwa cha zofuna za ntchito. Kunalibe magetsi odalirika, ndipo nthawi ya dzinja msewu unkaduka. Mkazi wanga ndi ana anatsala kuboma chifukwa cha sukulu, choncho malipiro amodzi anayamba kusamalira nyumba ziwiri, ndipo tinagulitsa ng'ombe imene tinkasungira fizi ya mwana wathu woyamba. Kukwezedwa kwanga kunachedwa pamene anzanga olowa nawo limodzi anakwera. Mkazi wanga anandifunsa tsiku lina kuti, "Bambo a ana, munakana, koma mwanayo analowabe, nanga ife tapindulanji?" Ndinalibe yankho, ndipo kwa miyezi yambiri ndinali ndi mkwiyo umene ndinkalephera kuuza munthu. Ndikanakhala ndi kalata yodindidwa ija, kusamutsidwako ndikanatha kukutsutsa posonyeza kuti kunabwera pambuyo pa kutsutsa kwanga. Popanda pepala, inali nkhani ya mawu anga okha.

Zinthu zinatembenuka m'chaka chachitatu. Padirinyu uja anachoka pa udindo wake, ndipo kuofesi kwathu kunabwera mkulu watsopano amene anatopa ndi mafayilo obwerera. Mayi wachikulire uja anali pafupi kupuma, ndipo malo ake anafunika munthu. Apa ndinakumbukira chinthu chimene ofuna ntchito ambiri sachidziwa: konkurusu yathu inali ndi mphamvu kwa zaka zitatu, ndipo amene anakhoza koma malo n'kuwathera amakhalabe pa mndandanda, kotero malo akapezeka m'nthawi imeneyo ayenera kuitanidwa motsata nambala. Mtsikana uja anali woyamba pa otsalawo. Ulendo uno ndinamufunafuna kudzera kwa katekisiti wa kwawo, ndipo ndinamupeza akugulitsa matimati pamsika wa m'mbali mwa msewu. Ndinamuuza kuti alembe kalata yokumbutsa ofesi za nambala yake, aikemo foni imene ikugwira ntchito, ndipo asachoke pa sekeretariya kope yake isanadindidwe. Panali kale dzina lina limene linkanong'onedwa pa malowo, koma kalata yodindidwa inali pa tebulo, ndipo mkulu watsopanoyo sanafune kuyamba ntchito yake ndi kudumpha mndandanda.

Anaitanidwa kutatsala miyezi yochepa kuti konkurusuyo ithe mphamvu. Chinthu choyamba chimene anachita chinali kumata pa chikuto cha fayilo iliyonse kapepala kolembapo mapepala ofunika ndi tsiku limene chikalata chilichonse chithere, ndipo ankatumiza mafayilo ochepaochepa mlungu uliwonse m'malo modikira mulu. Mafayilo obwerera anachepa mpaka kukhala apo ndi apo. Mnyamata uja sanachotsedwe, chifukwa anali atakhazikika ndipo mafomu ake onse ankanena zabwino. Anamusamutsira ku tebulo lolandira makalata, kumene ali mpaka lero pa malipiro a ukalaliki. Ine ndinabwezedwa kuboma mu 2022 nditapempha polemba kangapo, ndipo chaka chotsatira anandiikanso m'juri. Tsiku loyamba ndinapempha kuti mafunso apakamwa alembedwe tisanayambe, akhale ofanana kwa onse, ndiponso kuti aliyense wa ife asaine malikisi ake ndi bolopeni woyesedwa wotsatira asanalowe. Wapampando anavomera, ndipo pempholo linalembedwa mu akita ya msonkhano woyamba.